Excel, Google Sheets kapena Canva: tchati chooneka bwino pa WhatsApp mupangire kuti?

Anzanga a banki mkhonde akhala akundifunsa kuti matchati a zosonkha amene ndimaponya pa gulupu ndimapangira pati, poti amawerengeka osachita kutambasula ndi zala. Ndayesa zitatuzi, ndipo mtima wanga uli pa Excel.

Nkhani yagona pa kukula kwa tchaticho. Sikirini ya foni m'lifupi ndi masentimita 7 kapena kuchepera, ndiye mukakoka tchati pa laputopu mpaka masentimita 25 kuti chidzaze sikirini, pa foni chifinyika kupitirira katatu, ndipo zilembo za saizi 9 zimene Excel imaika yokha m'mbali zija zimasanduka nyerere, amayi akuluakulu sangawerenge olo avale magalasi. Ine ndimachepetsa tchaticho, masentimita 10 m'lifupi ndi 12 kutalika, zilembo ndimaika 16, mutu 20. Excel imakulolani kulemba miyezoyi pa Format, n'chifukwa ndimaikonda.

Kenako ma ziro. K1,250,000 pa mzati uliwonse imadya malo mpaka manambala kukwerana. Dinani manambalawo kawiri, pitani pa Number, pa Format Code lembani izi n'kudina Add:

```
0.00,,
```

Iwoneka 1.25, ndiye pa mutu mungolemba kuti mamiliyoni a kwacha. Miyezi muidule, Jan, Feb, ndipo ngati ndi mayina a anthu mizati muigoneke kuti dzina lisapendekeke. Ka Legend, kabokosi kofotokoza mitundu kaja, fufutani ngati mtundu ndi umodzi, Data Labels, manambala a pa mizati aja, akwanira.

Google Sheets ndi yaulere ndipo kodi yomweyi imagwira, koma tchati chake chimayamba chogona, 600 kwa 371, muyenera kuchikonza kaye musanatsitse PNG, komanso netiweki ikavuta mumangodikira ngati simunakonzeretu kuti izigwira popanda netiweki. Canva imatulutsa chokongola mukasankha 1080 kwa 1350, koma manambala akasintha mwezi wamawa mukawalowetsanso kumeneko, ntchito iwiri.

Chimene chinandiwawa ndi ka apu kena ka pa foni kamene sindikatchula, kolembedwa kuti ndi kaulere. Ndinalowetsa mayina onse a mamembala ndi ndalama zawo, bandulo ikutha, pofika posunga chithunzi kakuti ndilipire madola mwezi ndi mwezi apo ayi chidindo chawo chikhala pakati pa tchati, ndipo chinaphimbadi manambala a anthu awiri. Pa nkhani ya ndalama za gulu nambala yobisika imabweretsa kukayikirana, msungichuma wathu anafunsidwa mafunso osayenera tsiku limenelo. Apu iliyonse yachilendo yesani kaye kusunga tchati cha mizere iwiri musanalowetse zonse.

Potumiza dinani HD, chifukwa WhatsApp imafinya zithunzi ndipo zilembo zoonda zimachita mbuu. Kutumiza ngati Document kumasunga kuwala konse koma ambiri satsegula. Dzitumizireni nokha kaye, ngati nambala yaing'ono kwambiri simukuiwerenga muli mu chati momwemo osadina chithunzi, onjezerani saizi.