Nyemba, nsinjiro kapena ufa wa m'chitini: chothandizana ndi nsima n'chiti?

Chaka chatha ndinapusitsidwa. Mnyamata wina kumene timanyamula zitsulo anandigulitsa chitini cha ufa wa mapuloteni, pa mtengo woti ndikanagula ndowa ya nyemba n'kutsala chenje. Nditawerenga bwino kumbuyo kwake ndinapeza kuti ndi kolajeni, yopangidwa kuchokera ku zikopa za ng'ombe. Anzanga akhala akufunsa chimene ndinasiyira, ndiye ndiyankhe kamodzi.

Mapuloteni amapangidwa ndi tizidutswa totchedwa ma amino asidi. Tilipo 20, ndipo 9 mwa ito thupi silingapange lokha, timayenera kudya. Kamodzi kakaperewera, thupi limaleka kumanga mnofu pamene kathera kameneko, monga telala amene nsalu ili mbwee koma ulusi wamuthera. Zotsalazo limangoziwotcha ngati nkhuni. Ndiye ubwino wa mapuloteni suli pa kuchuluka kwa magalamu olembedwa pa chitini. Funso n'lakuti tonse 9 tilimo pa mlingo wake, ndipo mimba ikutha kugaya zochuluka bwanji?

Chimanga chimaperewera tiwiri: laisini ndi tiriputofani. Kolajeni ilibiretu tiriputofani, ndipo laisini wake ndi wochepa. Ndinalipira ndalama zonsezo kugula chinthu chobooka pamalo omwe nsima yanga inabooka kale. Za chitini zithere pomwepa.

Mpikisano weniweni uli pakati pa nyemba ndi nsinjiro, ndipo apa tiwerengere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2007 linati munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 30 a laisini pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Wolemera makilogalamu 60 afunika 1,800. Linatinso mapuloteni abwino azikhala ndi mamiligalamu 45 a laisini pa galamu iliyonse.

Tengani ufa wa mgaiwa magalamu 300, nsima ya masana ndi madzulo. Muli mapuloteni pafupifupi magalamu 27, koma laisini sapitirira mamiligalamu 30 pa galamu, ndiye yense ndi cha m'ma 750. Sanafike ngakhale theka. Onjezani nyemba zouma magalamu 100, kapu yaing'ono yosadzaza. Zimabweretsa mapuloteni cha m'ma 22 ndi laisini pafupifupi 1,500. Pamodzi ndi 2,250 pa magalamu 49, kutanthauza 46 pa galamu. Mzere wa 45 uja wadutsidwa.

M'malo mwa nyemba ikanipo mtedza magalamu 100. Mapuloteni ake ndi ambiri kuposa a nyemba, cha m'ma 25, n'chifukwa chake anthu amautama. Koma laisini ndi pafupifupi 900 basi. Pamodzi ndi ufa uja mupeza 1,650 pa magalamu 52, cha m'ma 32 pa galamu. Mapuloteni achuluka, ubwino wake wangosuntha pang'ono. Sindikunyoza chisoso chotendera, ndimanyambita mbale, ndipo mafuta a mtedza amapatsa mphamvu. Kungoti mtedza ndi chimanga zimadwala nthenda imodzi.

Nyemba nazo si zangwiro. Zimaperewera amino asidi wina wotchedwa metiyonini, amene chimanga chili naye wokwanira, ndiye aliyense amatseka bowo la mnzake. Akatswiri a bungwe lofufuza za zakudya la INCAP ku Guatemala, kumene anthu akhala akudya chimanga ndi nyemba kuyambira makedzana, anapeza kuti zimagwirizana bwino kwambiri chimanga chikakhala magawo 70 ndi nyemba 30 poyeza kulemera zisanaphikidwe. Ife timalakwa pamenepa: mitanda inayi ya nsima, msuzi wambiri, nyemba zoti ungaziwerenge. Msuzi wofiira uja umangonyengerera pakhosi, laisini ali mu njere.

Ufa woyera umaonjezera vuto. Pokonola ndi kuviika mphale, kamtima ka chimanga kamachoka, pomwe mapuloteni okhala ndi laisini wambiri amakhala mmenemo. Okonda woyera achulutse ndiwo.

Pa kugayika, nyemba zimagonja kwa dzira ndi usipa, pakuti gawo lina la mapuloteni ake limangodutsa, makamaka zikapanda kupsa. Ziviikeni usiku, ziphikeni mpaka zizinyenyeka ndi chala. Simufunikanso kudya zonse m'mbale imodzi. Phala m'mawa, nyemba madzulo, thupi limaphatikiza lokha bola likhale tsiku lomwelo.

Pamene sindingaumirire ndi pa mwana wamng'ono. Kamimba kake kamadzaza asanadye zomukwanira, ndipo amafunika laisini wambiri poyerekeza ndi msinkhu wake. Iyeyo phala lake likhale losakaniza soya, ngati la Likuni, ndipo dzira kapena usipa wosinja zikapezeka muikemo.

Kwa ine wamkulu, nyemba zapambana, nsinjiro ndi ya m'masamba, ndipo chitini chija akazi anga akusungiramo mchere.