Steam yaima pa 0%: muyambire pa disiki, pa netiweki, pa chilolezo, kapena mufufute zonse?

Gemu ikaima pa 0% kapena ikakhalitsa pa mawu akuti Updating, malangizo amene anthu amapatsana amakhala anayi: onani disiki, konzani netiweki, tsegulani Steam ngati mwini kompyuta, kapena fufutani zonse muyambirenso. Njira iliyonse imachiza vuto lakelake, ndipo mtengo wake ndi wosiyana kwambiri. Ina imangofuna kuleza mtima kwa mphindi makumi awiri, ina imatha bandulo ya mwezi wonse. Tikamba za Steam pa Windows, koma kaganizidwe kake kamagwiranso pa Epic Games Launcher ndi Battle.net.

Musanasankhe njira, tsegulani tsamba la Downloads m'munsi mwa Steam. Pamwamba pake pali manambala awiri amene akuuzeni kolowera: Network ndi Disk Usage. Pa chithunzi chomwe chili pambalipo, timizere tabuluu ndi netiweki, mzere wobiriwira ndi disiki. Network ikakhala pa ziro koma Disk Usage ikuyenda, ndiye kuti palibe chawonongeka, Steam ili kalikiliki ndi disiki. Zonse ziwiri zikagona pa ziro kwa mphindi zisanu kapena kuposera apo, nkhani ili pa netiweki kapena pali chomwe chikuikaniza Steam kulemba. Zikamadzuka pang'ono n'kugwa, kenako n'kutuluka uthenga ngati Disk write error, netiweki isiyeni, ilibe mlandu.

Disiki ndiyo imanamiziridwa kawirikawiri kuti "yafa" pamene ikungochedwa. Steam imakoka apudeti m'tizidutswa topanikizidwa ta pafupifupi 1 MB, n'kumatimasula ndi kutilemba mu foda ya `steamapps\downloading`. Magemu ambiri amasunga zinthu zawo m'mafayilo ochepa koma akuluakulu, ndipo kuti musinthe kachigawo kochepa mkati mwa fayilo yotero, Steam imamanga fayilo yatsopano yathunthu: imawerenga yakale, imaikamo zatsopano, imalemba yonse pambali, kenako imachotsa yakale ija.

Tiyerekeze kuti apudeti ndi ya 500 MB, koma ikukhudza mafayilo okwana 30 GB. Pa intaneti ya 8 Mbps, yomwe ndi 1 MB pa sekondi, kukoka 500 MB kumatha mphindi zisanu ndi zitatu ndi pang'ono. Ntchito yaikulu ili pa 30 GB ija. HDD, disiki yokhala ndi mbale zozungulira, ya mu laputopu ikamawerenga ndi kulemba nthawi imodzi imatsika liwiro kwambiri chifukwa mutu wake umangodumphadumpha. Ikatsikira pa 25 MB pa sekondi, 30 GB imafuna masekondi 1,200, omwe ndi mphindi makumi awiri. Nthawi yonseyi Network imaonetsa ziro. Amene sakudziwa amatseka Steam pa mphindi yakhumi, n'kutsegulanso, ndipo nthawi zambiri ntchito ija imabwerera mmbuyo kapena kuyamba ndi kuunikanso mafayilo. Ndiye munthu amachita zimenezi katatu n'kumati kompyuta yake ndi yolodzedwa. Kuti mutsimikize, dinani Ctrl+Shift+Esc kuti mutsegule Task Manager, pitani pa Performance, muone disiki yomwe pali gemuyo. Active time ikakhala pa 100% ndipo Write speed ikuonetsa ma MB angapo, isiyeni imalize, ndipo musakopere mafilimu pa disiki yomweyo pakadali pano.

Chitsanzo chomwechi chikusonyeza chifukwa chake malo amatha mosayembekezera. Mukakhala ndi 12 GB yotsala mungaganize kuti 500 MB ikwana bwinobwino, koma Steam ikufuna malo a mafayilo atsopano aja pamene akale adakalipo. Nthawi zina imanena poyera kuti malo ndi ochepa, nthawi zina imangoima. Ife timati pa disiki pazitsala malo ofanana ndi kukula kwa gemu yanu yaikulu kwambiri, apo ayi theka lake. Ngati gemu ili pa disiki yapa USB, onaninso mtundu wake podina kumanja pa disikiyo n'kusankha Properties: FAT32 siilola fayilo imodzi kupitirira 4 GB, choncho gemu yamakono siingakhalepo. Pamafunika NTFS.

Pali chizindikiro chimodzi choipa: Active time pa 100% koma liwiro lili pa ziro kapena pa ma KB ochepa, mwina disiki ikumveka kugogoda. Apa si kuchedwa chabe. Magetsi akathima disiki ili mkati molemba, dongosolo la mafayilo limatha kusokonekera, ndipo disiki yokalamba imakhala ndi malo osawerengeka. Tsegulani Command Prompt ndi Run as administrator, mulembe izi, mukuika chilembo cha disiki yanu:

```
chkdsk D: /f
```

Ikapeza zolakwika lero n'kupezanso zina sabata yamawa, sungani zithunzi ndi zikalata zanu kwina, gemuyo idikire.

Poyerekeza ndi disiki, netiweki ndi yofulumira kuyesa, ndipo siyiononga chilichonse. Yambani ndi zooneka zopepera. Amene amalumikiza kompyuta ku foni adziwe kuti foni imaonetsabe 4G ngakhale bandulo itatha, ndipo bandulo ya WhatsApp ndi Facebook yokha imakupangitsani kukhulupirira kuti intaneti ilipo pamene Steam siikudutsa. Tsegulani tsamba wamba pa kompyutapo, osati pa foni. Kenako onani tsiku ndi nthawi pakona ya Windows. Kabatire ka CR2032 ka m'kompyuta kakatha, wotchi imabwerera zaka zam'mbuyo magetsi akathima, ndipo kulumikizana kotetezedwa kumakanika chifukwa ziphaso za maseva zimaoneka ngati nthawi yake siinakwane. Kukonza wotchi kokha kumathetsa vutoli.

Zikakhala bwino zimenezo, mu Settings > Downloads muli mabatani awiri amene anthu amawasokoneza. Download Region imasankha dera la maseva okokako mafayilo. Kwa ambiri a kum'mwera kwa Afrika, la Johannesburg ndilo lapafupi, koma kufupika pa mapu sikutanthauza kuti njira ya kampani yanu ya intaneti ndi yabwino tsiku limenelo. Kusintha kupita ku Cape Town kapena ku dera lina la ku Ulaya kumangofuna kutseka ndi kutsegulanso Steam, ndipo zomwe munakoka kale zimakhalapo. Clear Download Cache ndi yolemerapo: imakutulutsani mu akaunti, ndipo zomwe zinali mkati mokokedwa mukhoza kuziyambiranso. Ngati mwakoka kale 20 GB mwa 25 GB, batani limeneli likhale lomaliza, ndipo musalidine musanatsimikize kuti mukukumbukira pasiwedi komanso kuti nambala ya Steam Guard, yomwe Steam imafunsa polowa mu akaunti, muipeza. Pa awiriwa timayamba ndi Download Region nthawi zonse.

Mayeso amene amadula nkhani ndi kusintha njira yonse: chokani pa rauta ya panyumba, lumikizani ku foni kwa mphindi ziwiri. Timizere tabuluu tikadzuka, kompyuta ili bwino, vuto lili pa rauta kapena pa njira ija. Intaneti ya kusukulu ndi ya kuntchito nthawi zambiri amaitchinga dala kuti magemu asadutse, ndipo pamenepo palibe batani la mu Steam lingakuthandizeni. Zikakanika konsekonse, zimitsani VPN ngati ilipo, onani kuti pa Network & internet > Proxy palibe adiresi yomwe simukuidziwa, kenako tsegulani Command Prompt ndi Run as administrator, lembani malamulo awa n'kuzimitsa kompyuta ndi kuyatsanso:

```
ipconfig /flushdns
netsh winsock reset
```

Za chilolezo zimadziwika ndi mauthenga ake: Missing file privileges, Content file locked, komanso Disk write error pa disiki yomwe ili ndi malo ndiponso yopanda vuto. Zimakonda kubwera mukakopera foda ya gemu kuchokera kwa mnzanu, kapena mukaikanso Windows koma disiki D n'kuisiya momwe inalili. Mafayilo amakhala akudziwabe mwini wake wakale. Apa pali njira ziwiri zopikisana. Kutsegula Steam ndi Run as administrator ndi njira yachangu, ndipo ndi yabwino poyesera: apudeti ikayenda mutatsegula motero, mwadziwa kuti nkhani ndi chilolezo. Koma ngati mankhwala a tsiku ndi tsiku sitiikonda, chifukwa magemu onse otsegulidwa ndi Steam amatenganso mphamvu zomwezo, ndipo mafayilo olembedwa motero nthawi zina amadzavutanso mukatsegula mwa masiku onse. Yokhalitsa ili mu Settings > Storage: sankhani disiki, dinani timadontho titatu, kenako Repair Library. Imakonza chilolezo cha foda yonse popanda kukoka gemu kachiwiri.

Content file locked nthawi zambiri imatanthauza kuti pulogalamu ina yagwira fayiloyo: gemu yomwe siinatsekeke bwino ndipo ikuonekabe mu Task Manager, kapena pulogalamu yoteteza ku mavayirasi. Mu Windows Security onani Protection history. Ngati fayilo ya gemu yatsekeredwa kumeneko, ikani foda ya Steam pa Exclusions m'malo mozimitsa chitetezo chonse.

Ngati mukukayikabe pakati pa netiweki ndi chilolezo, Steam imalemba yokha zomwe zikuivuta. Tsegulani fayilo iyi ndi Notepad, mupite kumapeto kwenikweni:

```
C:\Program Files (x86)\Steam\logs\content_log.txt
```

Mizere yomaliza ikamatchula mayina a maseva ndi mawu ngati timeout, pitani ku netiweki. Ikamatchula fayilo inayake ya pa disiki yanu, vuto lili pa fayilo imeneyo, ndipo mwalidziwa ndi dzina lomwe. Magemu mmenemo amalembedwa ndi manambala: 730 ndi Counter-Strike 2, 570 ndi Dota 2.

Kufufuta zonse, komwe ambiri amathamangira, ndiko kodula kuposa zonse ndipo kumachiza zochepa. Sikuwonjezera liwiro la HDD, sikutsegula intaneti yotchingidwa, sikukonza wotchi. Choipa china n'chakuti kuchotsa Steam kudzera mu Windows kumatenga ndi magemu omwe ali mu foda yake. Ngati mukukayikira mafayilo a gemu, Properties > Installed Files > Verify integrity of game files imaunika onse n'kukoka owonongeka okha.

Kuyambiranso kuli ndi malo ake amodzi: pamene yaima ndi Steam yeniyeniyo, pa kawindo kakang'ono ka Updating Steam, musanafike n'komwe pa mndandanda wa magemu. Ngakhale pamenepo simufufuta zonse. Tsekani Steam mu Task Manager, lowani mu foda yake, muchotse zina zonse koma musiye `steam.exe`, `steamapps` ndi `userdata`. Mukadina `steam.exe` imakokanso ziwalo zake zokha, ma MB mazana angapo, ndipo magemu a mu `steamapps` mumawapeza mukalowanso mu akaunti. Amene ali pa disiki ina mungafunike kuwalozeranso pa Settings > Storage, ndipo Steam imawazindikira popanda kuwakokanso.