Liwiro lapakati kapena liwiro la panthawiyo: ndi liti lomwe ndi derivativi?

Liwiro la galimoto tingaliyeze m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kugawa mtunda wonse ndi nthawi yomwe yapita, ndipo timapeza liwiro lapakati. Yachiwiri ndi yomwe singano ya sipidomita imalozera: liwiro la panthawi yomweyo. Iyi ndiyo m'masamu amaitcha derivativi: muyezo wa momwe chinthu chikusinthira pa nthawi yomweyo.

Tiyerekeze galimoto ikunyamuka, ndipo mtunda wake m'mamita ndi s = t², pamene t ndi masekondi.

Kuphweka: lapakati silivuta. Kuchokera sekondi 3 kufika 5, yayenda mamita 25 − 9 = 16 m'masekondi 2, ndiye mamita 8 pa sekondi. Lapanthawiyo limafuna kuchepetsa mpata wa nthawiwo mobwerezabwereza.

Zotsatira: apa m'pamene pagona nkhani. Galimotoyi ikuthamangirathamangira, choncho pa sekondi 3 inali isanafike pa 8. Tichepetse mpatawo. Kuyambira 3 mpaka 4 tipeza 7. Mpaka 3.1 tipeza 6.1, mpaka 3.01 tipeza 6.01. Manambalawa akuyandikira 6, ndipo 6 ndiye liwiro lenileni pa sekondi 3, monga momwe derivativi ya mtundawu, yomwe imalembedwa ds/dt = 2t, ikunenera.

Povuta: lapakati limabisa kuima ndi kuthamanga konse kwa panjira. Lapanthawiyo limasokoneza amene afulumira kuika mpata pa ziro, chifukwa amangopeza 0/0, zopanda tanthauzo. Mpatawo timauchepetsa, sitiuthetsa ayi.

Wofuna kudziwa kuti ulendo utenga nthawi yaitali bwanji, lapakati limukwanira. Koma wapolisi wapamsewu sasamala za ulendo wanu wonse. Iye akufuna liwiro lomwe munali nalo podutsa pamene waima.