Dayisi sabera, koma ndalama ikalowa sibwerera

Ndakhala ndikusewera dayisi pa kasino ina ya kiriputo kwa miyezi ingapo konkuno ku Mangochi, ndipo ndikuyipatsa nyenyezi ziwiri zokha. Zimene amalonjeza pa mawu akuti Provably Fair, kutanthauza kuti mutha kudzitsimikizira nokha kuti dayisi sanakubereni, ndinaziyesa, ndi zoona, koma siziteteza ndalama zanu mmene ambiri akuganizira.

Musanabetche, kasino imasankha nambala yake yachinsinsi, server seed, n'kukuonetsani chidindo chake chokha: zilembo ndi manambala 64 opangidwa ndi njira ya masamu a pakompyuta yotchedwa SHA-256. Inu mumaika nambala yanu, client seed, ndipo nonce, nambala yowerengera kubetcha kwanu, imakwera ndi imodzi mukabetcha. Zitatuzi zikasakanizidwa ndi zimene zimabala nambala ya dayisi. Mukasintha seed, kasino imaulula yakale ija. Ine ndimaitenga n'kukaiwerengetsa pa tsamba lina la SHA-256, osati lawo, ndipo chidindo chimafanana ndi choyamba chija. Akanasintha ngakhale chilembo chimodzi, chikanasiyaniratu. Ndiye koperani chidindocho musanayambe kusewera, apo ayi mudzasowa chofanizira.

Komatu kusabera si kukupatsani mwayi. Pa dayisi wolipira kawiri, mwayi wopambana ndi 49.5 pa 100, osati 50. Mukabetcha K10,000 maulendo 100, mwazungulitsa K1,000,000, ndipo mwa masamu K10,000 ndi ya kasino. Mukamasewera nthawi yaitali, gawo lawolo limangokula.

Chondiwawa kwenikweni ndi kuika ndalama. Ife tinazolowera kuti ukatumiza molakwika pa Mpamba kapena Airtel Money pali poimba foni n'kudandaula. Ku kiriputo kulibe zimenezo, ndalama ikatsimikizidwa yapita basi. Mlamu wanga wa ku Makawa, amene amagula usipa n'kukagulitsa ku Limbe, anatumiza ndalama ya kiriputo yotchedwa USDT kudzera pa netiweki ya BEP20 pomwe kasino inamupatsa adiresi ya netiweki ina, ya ERC20. Maadiresi a njira ziwirizi onse amayamba ndi 0x, choncho foni sinakane. Ndalama inafika pa adiresiyo, koma mu akaunti yake sinaoneke. Okhoza kuibweza ndi a kasino okha, poti makiyi a adiresiyo ali ndi iwo, ndipo mpaka pano amangomuuza kuti adikire. Unali mpamba wa bizinesi, ndipo zandipweteka kumuona akukongola kuti apite kunyanja.

Potulutsa ndalama napo pali vuto. Poika sanandifunse kanthu, koma nditafuna kutapa anaimitsa ndalama mpaka nditumize chiphaso. Chidindo chija pamenepa chilibe ntchito, chimangoonetsa kuti dayisi sanasinthidwe. Kasinoyi ili kunja, ilibe ofesi m'Malawi muno yoti mungapiteko.

Amene mwatsimikiza kuyesa, onani kaye dzina la netiweki mbali zonse ziwiri, tumizani kochepa kongopitirira ndalama yochepetsetsa imene alemba kuti mungaike, ndipo yesani kukatapa musanawonjezere ina. Ndalama ya fizi kapena ya geni musaiike kumeneko.