Chaka choyamba K63,000, chachiwiri K313,000: ndemanga yanga pa kampani yosunga webusayiti

Ndili ndi kamalo kogona alendo ku Senga Bay, zipinda zisanu ndi chimodzi basi. Mu 2024 mphwanga wina wodziwa za makompyuta anandipangira webusayiti, ndipo tinalembetsa ku kampani ina yakunja yomwe imagulitsa domeni ndi hositing'i pamodzi. Domeni ndi dzina lija alendo amalemba kuti akupezeni, pomwe hositing'i ndi malo a pa seva pamene masamba ndi zithunzi zanu zimakhala. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, koma ine ndinazindikira zimenezi ndalama zitapita kale.

Pa ntchito yeniyeniyo sindinganame, webusayiti imatseguka bwino ngakhale netiweki ya kunyanja kuno ikamavuta, ndipo chaka chonse sindinamve mlendo akudandaula. Nkhani yanga ndi mtengo.

Pa tsamba lawo analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti $2.99 pamwezi, domeni yaulere. Tinalipira chaka chonse pakamodzi, madola 36, omwe pa mtengo wa kubanki anali pafupifupi K63,000. Patatha miyezi khumi ndi umodzi ndi theka, ndili pamsika wa Kamuzu Road kugula zinthu za kukhitchini, foni inalira: banki yachotsa K313,000. Poyamba ndinaganiza kuti kwacha yagwanso ngati muja inachitira mu Novembala 2023. Ayi ndithu, dola inali pomwe paja, cha m'ma K1,750. Chomwe chinakwera ndi mtengo wawo.

Titatsegula gawo la `Billing` tinapeza kuti hositing'i tsopano ndi $11.99 pamwezi, kutanthauza madola 144 pachaka. Domeni "yaulere" ija inali yaulere chaka choyamba chokha, tsopano madola 20. Panalinso madola 15 a ntchito yobisa dzina ndi nambala yanga kwa anthu ofufuza mwini domeni, yomwe inali yochongedwa kale tsiku lomwe tinkagula. Zonse pamodzi madola 179.

Kodi anandibera? Mwalamulo ayi. Mtengo wachiwiriwo unalipo, m'tizilembo ting'onoting'ono totuwa pansi pa mtengo waukulu uja, pamene palembedwa `Renews at`. Batani la `Auto-renew`, lolola kampani kudzidulira yokha ndalama ya chaka chotsatira, linali loyatsa kuyambira tsiku loyamba, ndipo khadi langa analisunga. Malamulo a ICANN, bungwe loyang'anira madomeni padziko lonse, amakakamiza ogulitsa madomeni kutumiza chikumbutso kutatsala mwezi umodzi komanso kutatsala sabata imodzi kuti domeni ithe. Uthenga woyamba anatumizadi, koma unapita ku imelo ya mphwanga uja, n'kugwera mu `Spam`. Pamenepo vuto ndi lathu. Chomwe sindikuvomereza n'chakuti anachotsa ndalama kutatsala masiku 15 kuti chaka chithe. Ine ndinkayang'ana tsiku lothera, osadziwa kuti tsiku lodula ndalama ndi lina.

Tinawalembera usiku womwewo. Mtsikana yemwe anatiyankha anali waulemu, koma anayamba ndi kutinyengerera kuti atichotsereko pang'ono tikalipiriratu zaka zitatu. Nditakana kawiri anavomera kubweza ya hositing'i ndi ya kubisa dzina ija. Ya domeni anati sibwezedwa ikangolipiridwa. Ndalama inabwerera patadutsa masiku asanu ndi anayi, ndipo inafika yoperewera, chifukwa banki imagulitsa dola pa mtengo wina n'kuigula pa mtengo wotsikirapo, kuphatikizapo zolipiritsa zake. Imeneyo palibe anandibwezera. Sabata yonseyo mafuta a jenereta ndinkachita kukongola.

Domeni ndiye musaisewere. Hositing'i mukhoza kusamuka nayo mutakopera mafayilo anu, koma dzina likatha osalipira, pakapita kanthawi limakalowa m'nthawi yowombola ya masiku 30, pamene amalipiritsa chindapusa choposa mtengo wa domeniyo kangapo, kenako wina aliyense akhoza kulitenga. Dzina langa lili pa chikwangwani cha mumsewu wopita kunyanja, ndiye sindikanalitaya chifukwa cha mkwiyo.

Kulisamutsa n'kotheka. Mumachotsa loko ya domeni, n'kupempha nambala yachinsinsi yotchedwa `EPP code`, n'kukaipereka kwa wogulitsa watsopano, ndipo mukalipira kumeneko amawonjezera chaka chimodzi. Koma mphwanga anati, "Amalume, dikirani kaye." Domeni ya `.com` ikasamutsidwa pasanathe masiku 45 chiwonjezereni chaka chodzilipira chokha, chaka chimenecho chikhoza kutayika. Tinadikira miyezi iwiri, kenako tinasamuka.

Panopa domeni ili kwina, hositing'i kwina, ndipo zonse zili pa imelo yanga. `Auto-renew` ndinaisiya yoyatsa pa domeni yokha. Kampaniyi ndikuipatsa nyenyezi ziwiri mwa zisanu, zonse ziwiri ndi za seva yawo.