Bandulo yatha msanga ku Joni: mauthenga a pa foni amaulula komwe yapita

Abale kumudzi, m'bale wanu wa ku Joni akakuuzani kuti deta yamuthera Lamulungu pomwe adagula ya sabata yathunthu Lachisanu, musafulumire kunena kuti akukuzembani. Nayenso asafulumire kunena kuti kampani ya foni yamubera. Yankho limakhala mu foni momwemo, m'mauthenga aja ambiri amangofufuta osawerenga.

Kuno ku South Africa, bungwe loyang'anira za matelefoni la ICASA lidaika malamulo amene adayamba kugwira ntchito mu 2019. Kampani iliyonse, kaya Vodacom, MTN, Cell C kapena Telkom, iyenera kutumiza uthenga bandulo ikagwiritsidwa ntchito kufika pa 50%, pa 80% ndi pa 100%. Mauthenga atatuwa, pamodzi ndi uja umabwera mukangogula, ndiwo mboni zanu. Uliwonse uli ndi tsiku ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo ndi imene imamasula nkhani.

Funso loyamba ndi ili: bandulo yatha chifukwa mwaigwiritsa ntchito, kapena nthawi yake yakwana? Mukaona uthenga wa 100%, kapena mawu akuti "depleted", ndiye kuti detayo yadyedwa. Ngati mauthenga adalekera pa 50%, kenaka n'kubwera wa mawu akuti "expired", palibe chadya deta yanu, nthawi ndiyo yaitenga. Zikatero bwererani ku uthenga wogulira muone pamene alemba "valid until" kapena "expires". Mabandulo ena a tsiku limodzi amakhala maola 24 kuchokera pomwe mwagulira, ena amafa pa 23:59 tsiku lomwelo. Munthu wogula ya mtundu wachiwiriwu 9 koloko usiku, poweruka ku ntchito, wagula ya maola atatu basi.

Tsopano tiyerekeze nkhani imene yadyedwa ndithu. Munthu wagula bandulo yolembedwa 2GB ya masiku 7, Lachisanu nthawi ya 18:40. Uthenga wa 50% wafika Loweruka 20:10, wa 80% Lamulungu 15:20, wa 100% Lamulungu lomwelo 16:00. Iye akudandaula kuti 2GB yatha masiku awiri.

Akawerenga bwino uthenga wogulira, apeza kuti 2GB ija idagawidwa pawiri: 1GB yolembedwa "Anytime", yogwira nthawi iliyonse, ndi 1GB ya usiku yokhayokha. Ya usikuyi imagwira kuyambira pakati pa usiku mpaka mbandakucha, mwachitsanzo "Night Owl" ya Vodacom imagwira kuyambira 12 koloko usiku kufika 5 koloko m'mawa. Munthu wodzuka 5 koloko kuthamangira takisi amakhala ali mtulo nthawi yonseyo. Ndiye mauthenga atatu aja amanena za 1GB ya "Anytime" yokha, ya usiku ikadalipo yosakhudzidwa. Izi mungatsimikize poona zotsala: *135# pa Vodacom, *136# pa MTN, *188# pa Telkom, kapena pa apu ya kampaniyo. Musangoyang'ana chiwerengero chonse, tsegulani pamene amaonetsa thumba lililonse palokha ndi tsiku lake lothera.

Pano pafunika masamu pang'ono. 1GB ndi 1024MB. Kuti ifike masiku 7, munthu ayenera kudya pafupifupi 146MB pa tsiku. Mnzathuyu adamaliza theka, 512MB, m'maola 25 ndi theka oyamba. Pa liwiro limenelo bandulo ikadatha m'masiku awiri ngakhale popanda chachilendo chilichonse, ndipo uthenga wa 50% wa Loweruka udali kumuuza zimenezo. Ine ndimaona kuti uthenga wa 50% ndiwo wofunika kuposa ina iwiriyo, chifukwa ndi wokhawo umafika mpata wosintha ukadalipo. Pa bandulo ya sabata uyenera kubwera tsiku lachinayi, osati lachiwiri.

Chigawo chomaliza ndiye chimaonetsa wakudya weniweni. Kuchoka pa 80% kufika pa 100% ndi pafupifupi 205MB, ndipo zidapita m'mphindi 40, kutanthauza 5MB pa mphindi. Kulemberana mawu pa WhatsApp sikungadye chonchi. Kuimbirana moonana nkhope kumadya pafupifupi motero. Akatsegula mndandanda wa mafoni oimbidwa pa WhatsApp, apeza kuti Lamulungu madzulo, atachoka ku tchalitchi, adaimbira kumudzi pa vidiyo kuti aone ana. Kuimba kwa mawu okha kwa nthawi yomweyo kukadadya kachigawo kochepa chabe. Dziwaninso kuti deta imadyedwa mbali zonse ziwiri, woimba ndi woyankha, choncho mukaimba inu kuchokera ku Mzimba kapena ku Mangochi, nayenso bandulo yake ikutsika.

Nthawi zina mauthenga a 80% ndi 100% amafika motsatizana, kusiyana mphindi ziwiri kapena zitatu, foni ili m'thumba. Kumeneko si kuimba ayi. Kawirikawiri amakhala maapu akudzikonza okha, zithunzi zikudzisungitsa pa intaneti, kapena mnzanu wogona naye chipinda chimodzi amene mudamugawirako intaneti ndipo foni yake imangolumikiza yokha. Foni yolandira intaneti yogawiridwa imaiona ngati Wi-Fi, ndiye ingayambe kukoka zimene imadikirira Wi-Fi.

Kuti mugwire wolakwa, pa foni ya Samsung pitani ku Settings, Connections, Data usage, kenaka Mobile data usage. Mafoni ena a Android amaika zimenezi pansi pa Network & internet. Mudzaona maapu atandandalikidwa kuyambira wodya kwambiri. Mukadina apu imodzi ikuonetsani zigawo ziwiri: Foreground, yomwe idapita inu mukugwiritsa ntchito, ndi Background, yomwe apuyo idadya yokha. Ambiri amalakwitsa posayang'ana masiku amene ali pamwamba pa mndandandawo. Foni imaphatikiza mwezi wonse, pomwe bandulo yanu idayamba Lachisanu, ndiye apu imene idadya kwambiri sabata ziwiri zapitazo ingaoneke ngati ndiyo yamaliza deta ya dzulo. Chiwerengero cha foni chimasiyanako pang'ono ndi cha kampani, zimenezo zisakuvuteni. Chodetsa nkhawa ndi pamene foni ikunena 300MB koma kampani ikunena 1GB pa masiku omwewo.

Zotseka zake n'zochepa. Pa WhatsApp, mu Storage and data, chotsani mavidiyo pa When using mobile data kuti a m'magulu a maliro ndi a mpingo asamadzikoke okha. Pa Play Store, ikani Auto-update apps pa Wi-Fi yokha. Sinthaninso mawu achinsinsi a intaneti yogawira anzanu.

Pali msampha wina kwa amene ali ndi bandulo ya WhatsApp yokha pambali pa ya zonse. Ulalo wa YouTube kapena TikTok umene wina wautumiza pa gulu ukangotseguka, mwatuluka mu WhatsApp, ndipo ikudyedwa ndi bandulo inayo. Mabandulo ena otere saphatikizamo kuimba, choncho werengani zimene alemba pogula.

Uthenga wa 100% ukafika koma intaneti ikuyendabe, onani mayunitsi anu msanga. Malamulo a ICASA aja amaletsa kampani kudula mayunitsi pa deta mwini asanavomereze, koma ena adavomera kalekale podina batani osawerenga, ndipo mtengo wa kunja kwa bandulo ndi wokwera. Ngati masamu anu onse sakugwirizanabe ndi a kampani, jambulani mauthenga onse anayi pamodzi ndi mndandanda wa maapu uja, imbani ku ofesi yothandiza makasitomala, pemphani tsatanetsatane wa momwe deta idayendera pa masikuwo, ndipo mulembe nambala ya dandaulo lanu. Nambala imeneyo ndi imene mudzapite nayo ku ICASA kampani ikalephera kukuyankhani.