20, 40 kapena 80 MHz: tchanelo chiti chikuyenera rauta yanu?

Mukalowa mu rauta n'kufika pomwe palembedwa Channel Width, kutanthauza kukula kwa tchanelo cha Wi-Fi, dzanja limathamangira nambala yaikulu. Papepala 80 ndiyedi katswiri. Foni ya Wi-Fi 5 yokhala ndi tinyanga tiwiri imalumikizana pa liwiro lofika 173 Mbps pa 20 MHz, 400 pa 40, ndi 867 pa 80. Koma ziwerengerozi ndi za munthu amene wakhala pafupi ndi rauta, ndipo liwiro limene mungalione pokopera fayilo limakhala theka kapena kupitirirako pang'ono.

Mtengo wa kutambasula tchanelo umalipiridwa pa mtunda. Rauta siwonjezera mphamvu mukaikulitsira tchanelo, imangoimwaza pamalo aakulu, ngati ndowa imodzi ya madzi yothirira mabedi anayi m'malo mwa bedi limodzi. Nayo foni imatolera phokoso lochuluka: tchanelo chikakula kawiri, phokoso limakwera ndi 3 dB, kutanthauza kuti nalonso limachuluka kawiri. Malamulo a Wi-Fi otchedwa 802.11 amaonetsa zomwezi. Kuti chipangizo chimve pa liwiro lotsikitsitsa, siginolo yofunika ndi -82 dBm pa 20 MHz, -79 pa 40, ndi -76 pa 80, ndipo pa muyeso umenewu -76 ndi siginolo yamphamvu kuposa -82. Kusiyana kwa 6 dB pakati pa 20 ndi 80 si kochepa ayi, chifukwa pabwalo popanda chotchinga kumafanana ndi kudula mtunda pakati. Dzina la netiweki lizionekabe kuchipinda chakumapeto, popeza limaulutsidwa pa 20 MHz nthawi zonse. Chimene chimatha ndi liwiro lija munalifuna.

Pa bandi ya 2.4 GHz palibe zokambirana zambiri: ikani 20. Bandi yonseyo ndi yopapatiza moti matchanelo osapondana ndi atatu okha, 1, 6 ndi 11. Mukaika 40 mwadya pafupifupi theka la bandi, mukulimbana ndi aneba komanso zipangizo za Bluetooth, ndipo marauta ambiri amabwerera okha pa 20 akamva netiweki ina pafupi. 80 kumeneko kulibe n'komwe.

Mkangano weniweni uli pa 5 GHz. Tiyerekeze kanyumba ka alendo ka makoma a njerwa, kali ndi marauta atatu m'khonde, ndipo intaneti yolowa ndi 50 Mbps. Mwini wake akugwiritsa ntchito matchanelo 36, 40, 44 ndi 48, omwe safuna kupatukira zida za radara. Akaika 80, matchanelo anayi onsewo amasanduka chimodzi, marauta atatu aja n'kumadikirana, wina akamalankhula enawo chete. Alendo aziona timizere ta siginolo tadzaza koma vidiyo ikudukaduka madzulo onse akabwerera m'zipinda. Akaika 40 amapeza matchanelo awiri, 36 ndi 40 pamodzi, 44 ndi 48 pamodzi. Marauta a kumapeto awiri angagawane chimodzi, wapakati n'kutenga chinacho. Akaika 20, aliyense ali ndi chake, chimodzi n'kutsala, ndipo 20 yomweyo imanyamula 50 Mbps bwinobwino kwa amene ali pafupi. Pamenepa ine ndingasankhe 20 mosazengereza. Liwiro la 867 lilibe ntchito pamene khomo lolowera intaneti likungodutsa 50.

Wina anena kuti bwanji osapita pa matchanelo 52 mpaka 64, kapena kuyambira 100 mpaka 140. N'zotheka, koma amenewa ndi a DFS: rauta imayamba yamvetsera kwa mphindi imodzi kapena kupitirira isanaulutse, ndipo ikamva radara imasamuka pomwepo, anthu n'kuduka.

80 ili ndi malo ake. Ngati muli ndi rauta imodzi, intaneti ya faiba yofika mazana angapo a Mbps, kapena mumasamutsa mafayilo akuluakulu pakati pa makompyuta a m'nyumba momwemo, komanso aneba ali patali, isiyeni pa 80. Mukakhala pakatikati, nyumba yaikulu ndi aneba angapo, 40 imataya 3 dB yokha koma imapereka liwiro loposa kawiri la 20.

Musangokhulupirira timizere ta pafoni. Tengani laputopu ya Windows, pitani kuchipinda chimene chimavuta kwambiri, lembani:

```
netsh wlan show interfaces
```

Onani Signal, Channel ndi Receive rate. Sinthani pa rauta, lumikizaninso, yesaninso pamalo omwewo, makamaka madzulo pamene aneba onse ali pa intaneti. Ngati Receive rate ikukwera ndi kutsika kwambiri pa 80 koma ikukhazikika pa 40, khalani pa 40. Ndipo ngati mwaika 80 koma nambalayo siikudutsa 173 ngakhale mutakhala pafupi ndi rauta, mwina laputopuyo yadziphatika pa 2.4 GHz kapena khadi lake la Wi-Fi ndi lakale. Channel ikuuzani: ikakhala pakati pa 1 ndi 13, simuli pa 5 GHz.